Makampani onse asanu ndi limodzi anayankha kuti "inde", ndipo kalata yathu ndi yomwe inalakwa

Ndimasunga mabuku a ndalama pa kopaletivi ya alimi yomwe ili ndi mamembala oposa 3,000 ndi madepoti 9 ogulirako mbewu. Kwa zaka zambiri ntchito yathu inkayenda ndi makaundula a mapepala, mabuku a malisiti ndi mafailo a Excel omwe ankachuluka chaka ndi chaka. Oyendera mabuku atatidandaula kawiri kotsatizana kuti ngongole za mamembala sizikugwirizana ndi zomwe zili m'buku lalikulu, bodi inagwirizana kuti tigule pulogalamu ya ERP, yomwe imaika ndalama, katundu wa m'sitoko, zogula, zogulitsa ndi malipiro m'nkhokwe imodzi. Ntchito yolemba kalata yopempha makampani kuti atiuze zomwe angatichitire ndi mtengo wake, ija amailemba kuti RFP pamutu pake, inagwera ine.

Kalata yoyamba ndinailemba mwakhama kwambiri, ndipo inali yopanda ntchito. Ndinazungulira maofesi onse kufunsa aliyense zomwe akufuna, n'kutuluka ndi mndandanda wa zofunika 140. Mzere uliwonse unkanena zinthu monga "pulogalamu izisunga mbiri ya mamembala", "izitha kuyendetsa ngongole", "izitulutsa malipoti a pamwezi", ndipo kutsogolo kwake kunali kabokosi koti kampani ilembemo inde kapena ayi. Tinatumiza ku makampani asanu ndi limodzi. Onse anayankha, ndipo m'mabokosi onse munali inde, kupatula awiri kapena atatu. Komiti yathu itakhala pansi kuti isankhe, panalibe chowasiyanitsa koma mtengo ndi kukongola kwa mabuku omwe anatumiza. A tcheyamani anatembenuza masamba kwa nthawi, kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti: "Ndiye a akauntanti, onsewa ndi amodzi? Tingotenga wotchipayo?"

Sanali amodzi, ndipo sankanamanso kwenikweni. Mawu akuti "izisunga mbiri ya mamembala" munthu angawayankhe kuti inde ngakhale pulogalamu yake ili ndi malo ongolembapo dzina ndi nambala ya foni. Funso lotayirira limalandira yankho lotayirira. Ndinapempha bodi kuti tiimitse kaye zonse, tiwauze makampani mwaulemu kuti tilembanso kalata ina. Zinanditengera masabata asanu ndi limodzi, ndipo manyazi anandigwira ndithu.

Chomwe ndinachizindikira polemba kachiwiri n'chakuti mapulogalamu ambiri a ERP anapangidwa poganizira kampani wamba, pomwe wogula ndi munthu wina, wogulitsa katundu ku kampani ndi munthu wina, ndipo mwini masheya saonekera n'komwe pa ntchito za tsiku ndi tsiku. M'mapulogalamu ambiri wogula ndi wogulitsa amakhala ndi maakaunti osiyana, uyu kumbali ya otikongola, uyo kumbali ya omwe tawakongola. Pa kopaletivi munthu mmodzi yemweyo ndi zonsezi nthawi imodzi. Ndi mwini, chifukwa ali ndi masheya. Ndi wogula, chifukwa amatenga zipangizo zaulimi kusitoko kwathu. Ndi wangongole, chifukwa zipangizozo amatenga asanalipire. Ndi wogulitsa, chifukwa amabweretsa mbewu zake kudepoti. Ndipo chaka chikatha, phindu silimufikira potengera masheya okha. Mfundo za makopaletivi zomwe bungwe la International Co-operative Alliance linakhazikitsa ku Manchester mu 1995 zimanena kuti imodzi mwa njira zogwiritsira ntchito ndalama zotsala ndi kupindulitsa mamembala molingana ndi malonda omwe aliyense wachita ndi kopaletivi. Apa ndi pomwe pulogalamu ya kampani wamba imapunthwa, ndipo kalata yanga yoyamba sinakhudzepo n'komwe.

Choncho pakati penipeni pa kalata yachiwiri ndinaikapo nkhani ya membala mmodzi wongopeka, ndi manambala osavuta kuwerengera, opanda ngakhale dzina la ndalama. Ndinamupatsa nambala 0417. Kumayambiriro kwa nyengo watenga zipangizo za 60,000 pa ngongole. Pa nthawi yokolola wabweretsa makilogalamu 800: makilogalamu 500 a giredi yoyamba pa mtengo wa 300, ndi makilogalamu 300 a giredi yachiwiri pa mtengo wa 200. Zonse pamodzi ndi 210,000. Kopaletivi imadula 2 pa 100 iliyonse ngati ndalama yoyendetsera ntchito, yomwe pano ndi 4,200, kenako imachotsa ngongole ija ya 60,000. Membalayo alandire 145,800, ndipo lisiti imodzi ionetse zonsezi mzere ndi mzere.

Mpaka apa makampani ambiri angathe. Ndiye ndinaonjezera zomwe zimatichitikira nyengo iliyonse. Patapita masiku atatu, woyang'anira depoti wapeza kuti kalaliki analakwitsa kulemba: giredi yachiwiri inali makilogalamu 280, osati 300. Mtengo wonse watsika kufika pa 206,000, chodula chija chakhala 4,120, ndipo membala amayenera kulandira 141,880. Popeza analandira kale, kopaletivi ikumufuna 3,920. Chaka chatha, msonkhano waukulu wavomereza kuti 6,000,000 igawidwe ngati bonasi potengera makilogalamu. Mamembala onse anabweretsa makilogalamu 1,200,000, kutanthauza 5 pa kilogalamu. Membala 0417, ndi makilogalamu ake 780, bonasi yake ndi 3,900. Tikachotsa 3,920 yomwe akuyenera kubweza, salandira kanthu, ndipo atsala ndi ngongole ya 20 yolowa nayo chaka chinacho.

Pansi pa nkhaniyi ndinalemba kuti kampani iliyonse idzabwere ndi pulogalamu yake, idzalowetse nkhaniyi komiti ikuona, ndipo pamapeto idzatulutse chikalata chimodzi cha membala 0417 chosonyeza ngongole ya 20. Mayi msungichuma anaseka ataona kandalama kameneko, n'kunena kuti tikuvutitsa anthu ndi zinyenyeswa. Ndinachitira dala. Kuti 20 ioneke, pulogalamu iyenera kudziwa kuti wogula, wogulitsa ndi wolandira bonasi ndi munthu mmodzi, iyenera kukonza cholakwa molondola, ndipo bonasi iwerengedwe pa makilogalamu okonzedwa, osati oyamba aja. Pakangolakwika chimodzi, nambala yomaliza imasintha, ndipo ngakhale membala wa komiti amene sadziwa za makompyuta amaona yekha.

Mndandanda wa zofunika sindinautaye, koma ndinaudula kuchoka pa 140 kufika pa 46, ndipo ndinachotsa inde ndi ayi. M'malo mwake kampani inkayenera kusankha yankho limodzi mwa asanu pa mzere uliwonse: zilimo kale m'pulogalamu, zimatheka pongosintha makonzedwe popanda kulemba pulogalamu yatsopano, zifunika kulembedwa mwatsopano, ndipo apa atchule masiku ndi mtengo, zimachitika ndi pulogalamu ya kampani ina, ndipo aitchule dzina, kapena sizingatheke. Kusiyana kwa yankho lachiwiri ndi lachitatu n'kofunika kuposa mmene kumaonekera. Chomwe chalembedwa mwapadera chifukwa cha inu nokha chimafuna kuyesedwanso, nthawi zina kulembedwanso, pulogalamu yaikulu ikatuluka mu mtundu watsopano, ndipo wolipira ndinu. Ndinalembanso kuti mayankho amenewa adzakhala gawo la kontirakiti. Chiganizo chimodzi chimenecho chinachepetsa mayankho akuti "zilimo kale" kuposa china chilichonse.

Mwa zofunika 46 zija, zisanu ndinazipatula kuti n'zosakambirana, wolephera chimodzi watuluka asanapatsidwe malikisi. Ndifotokoza ziwiri zokha. Choyamba chinali chakuti lisiti yomwe yatsimikizidwa isathe kusinthidwa kapena kufufutidwa ndi wina aliyense, ngakhale manijala. Cholakwa chizikonzedwa polemba china chobweza choyambacho, ndipo pazioneka yemwe wachita, tsiku ndi nthawi. Chachiwiri chinali chakuti tikafuna kusiyana nayo kampaniyo, tizitha kutenga zonse zathu m'mafailo otseguka monga CSV, pamodzi ndi kope yonse ya nkhokwe, popanda kulipira dipo. Kaundula wa mamembala ndi chuma cha kopaletivi, ndipo sindinkafuna tsiku lina tidzapemphe chathu chomwe titagwada.

Mbali ina yomwe ndinaiiwaliratu m'kalata yoyamba inali kudzifotokoza ife eni. Kampani singapereke mtengo woona ngati sikudziwa kukula kwa ntchito. Ulendo uno ndinalemba tsamba lathunthu: mamembala angati, madepoti angati, malisiti angati pa tsiku lotanganidwa kwambiri, ndi kuti pa madepoti 9 aja, anayi amakhala opanda netiweki kwa maola ambiri. Ndinalembanso kuti antchito okhazikika ogwiritsa ntchito kompyuta ndi 14, koma nthawi yogula mbewu timalemba makalaliki ena 27 kwa miyezi itatu yokha. Izi zimakhudza mtengo kwambiri, chifukwa makampani ambiri amalipiritsa laisensi pa munthu aliyense wolembetsedwa dzina. Ngati laisensi ndi ya chaka chonse, mulipirira anthu 41 miyezi khumi ndi iwiri pomwe 27 a iwo ali kwawo miyezi isanu ndi inayi. Ndinawafunsa mwachindunji ngati amawerengera maina olembetsedwa kapena anthu omwe alowa nthawi imodzi, komanso ngati laisensi ingatsegulidwe kwa miyezi yochepa.

Pa nkhani ya netiweki sindinangolemba kuti "izigwira popanda intaneti". Ndinafunsa chomwe chimachitika membala mmodzi akagulitsa pa madepoti awiri tsiku limodzi, onse ali opanda netiweki, ndipo depoti iliyonse yamudula ngongole yonse. Netiweki ikabwera, pulogalamu idziwa bwanji kuti yamudula kawiri, ndipo iuza ndani? Ndinafunsanso mmene manambala a malisiti amaperekedwera kuti madepoti awiri asatulutse nambala yofanana.

Tsopano za kagawidwe ka malikisi, komwe kunali mkangano waukulu m'komiti kuposa ndi makampani. Tinagwirizana kuti malikisi onse akhale 100. Nkhani ya membala 0417 pamodzi ndi mayankho a mndandanda tinazipatsa 35. Kugwira ntchito popanda netiweki 15. Kusamutsa zolembedwa zakale ndi kuphunzitsa antchito 10. Chithandizo pulogalamu ikavuta, pamodzi ndi umboni wa makopaletivi ena omwe akuigwiritsa ntchito, 10. Kuphweka kwa njira yosiyanirana nawo 5. Zimenezi ndi 75. Mtengo tinaupatsa 25. Mmodzi wa a bodi ankafuna mtengo ukhale theka, ponena kuti ndalama ndi za alimi. Ndinamuyankha kuti: "Zoona bambo, koma 3,920 ya membala ikasochera m'pulogalamu yotchipa, nayonso ndi ndalama ya mlimi." Anavomera monyinyirika. Chachikulu n'chakuti manambalawa tinawalemba m'maminitsi, a tcheyamani anasaina, ndipo tinawaika m'kalata momwemo kuti makampani awaone. Malikisi ogawidwa mutaona kale mayankho amatsata kampani yomwe mtima wa wina wakonda, ngakhale mwiniwakeyo asakudziwa.

Tinawauza kuti atumize maenvelopu awiri omata, ina ya ntchito, ina ya mtengo. Ya mtengo sitsegulidwa pokhapokha kampani yapeza 50 mwa 75 aja. Mtengo tinafuna wa zaka zisanu, wolembedwa pa fomu yathu: laisensi, kukhazikitsa, zolembedwa mwapadera, kusunga nkhokwe pa seva, maphunziro, chithandizo cha pachaka, ndi malire a mmene angakwezere mtengo chaka ndi chaka. Malikisi a mtengo tinkawapeza potenga mtengo wotsikitsitsa, kugawa ndi mtengo wa kampaniyo, n'kuchulukitsa ndi 25. Tinapereka masiku khumi a mafunso, kudzera pa imelo imodzi yokha, ndipo yankho lililonse linkapita kwa onse popanda kutchula wofunsa. Aliyense wa m'komiti anasaina kuti alibe ubale kapena malonda ndi makampaniwo.

Mwa asanu ndi limodzi aja, awiri sanayankhenso. Imodzi inatuluka pa zosakambirana chifukwa inalemba moona mtima kuti kutenga kope ya nkhokwe n'kolipira. Atatu anabwera kudzaonetsa, aliyense maola atatu, nkhani yofanana, komiti yofanana.

Oyamba anabwera ndi zithunzi zokongola za malipoti, ndipo ndinachita kuwadula kawiri kuti tibwerere kwa 0417. Atayamba, tinaona kuti membalayo akumulembetsa kawiri, koyamba ngati wogula, kachiwiri ngati wogulitsa. Kudula ngongole kunkafuna kuti akauntanti alembe pamanja kusamutsa ndalama pakati pa maakaunti awiriwo. Kwa membala mmodzi si vuto, koma ine ndinkawerenga m'mutu mamembala 3,000. Bonasi anaiwerengera mu Excel n'kuilowetsa. Nambala 20 anaipeza, koma inali pa zikalata ziwiri zoti uziphatikize wekha. Pa netiweki anachita bwino kwambiri, ndipo anapeza 54.

Achiwiri anafulumira mosangalatsa mpaka pa cholakwa cha kalaliki. Woonetsayo anabweza lisiti bwinobwino monga tinafunira, koma bonasi inatuluka 4,000, chifukwa lipoti la makilogalamu linkawerengabe 800. Chikalata chomaliza chinaonetsa kuti kopaletivi ndi yomwe iyenera kumupatsa membala 80. Mayi msungichuma, omwe aja anaseka, ndi amene anayamba kuloza pa sikirini. Kampaniyi inapeza 47, ndipo envelopu yawo ya mtengo tinaibweza yomata.

Achitatu anali kale ndi gawo la mamembala lomwe analipangira makopaletivi ena. Nambala imodzi, chikalata chimodzi, ndipo pansi pake panaoneka 20. Pa funso la madepoti awiri anavomera kuti pulogalamu yawo sinali kuchenjeza za kudula kawiri, ndipo anali atalemba kale pa mndandanda kuti zifunika kulembedwa mwatsopano, masiku 25. Anataya malikisi pamenepo, koma onse pamodzi anapeza 63.

Titatsegula maenvelopu awiri otsalawo m'pomwe ndinaona phindu la kufunsa za zaka zisanu. Kuti kuwerengera kuphweke, tinene kuti mtengo wa oyamba chaka choyamba unali 100, ndipo zaka zinayi zotsatira 35 chaka chilichonse, zonse 240. Achitatu chaka choyamba 160, kenako 30 pachaka, zonse 280. Oyamba anatenga malikisi onse 25 n'kufika pa 79. Achitatu anapeza 21.4 n'kufika pa 84.4. Tikanangoyang'ana chaka choyamba, achitatu akanapeza 15.6 yokha, n'kuthera pa 78.6, ndipo akanagonja ndi kachidutswa kosakwana ngakhale malikisi amodzi. Ndinawerengera kawiri usiku umenewo kuti nditsimikize.

Tisanasaine, ine ndi manijala tinaimbira makopaletivi awiri omwe kampaniyo inatchula, ndipo tinapempha kulankhula ndi osunga mabuku, osati mabwana. Funso lomwe linatithandiza silinali lakuti "mukukhutira nayo?" koma lakuti "nthawi yomaliza pomwe inavuta pakati pa nyengo yogula, munadikira maola angati?" Yankho lawo linatichititsa kuika m'kontirakiti nthawi yeniyeni yoyankhira vuto loimitsa ntchito, ndi kugawa malipiro m'magawo anayi, gawo lomaliza lodikira mpaka titatseka mwezi woyamba mabuku atagwirizana.

Pali ziwiri zomwe kalata yachiwiri inaphonyabe. Pa kusamutsa zakale ndinafunsa mmene adzachitire, koma sindinalembe kuti woyeretsa kaundula ndi ndani. Kampani inati ntchito yake ndi kulowetsa zomwe tapereka, ndipo inali m'choonadi. Tinapeza anthu olembedwa kawiri chifukwa cha kusiyana kwa kalembedwe ka maina, ena nambala imodzi anthu awiri, ndipo tinakhala mwezi wathunthu tikufananiza makaundula a m'madepoti ndi Excel tisanapeze ngongole zoyambira zomwe oyendera mabuku akanavomereza.

Chachiwiri, membala 0417 wa m'nkhani yanga sanamwalire komanso sanatuluke m'kopaletivi. Patangotha miyezi inayi tikugwiritsa ntchito pulogalamuyo, kunabwera mayi wina ndi makalata oti masheya a malemu amuna awo asamutsidwire kwa iwo, pamodzi ndi kangongole kotsala ndi bonasi yomwe inali isanagawidwe. Pulogalamu inkatha kutseka membala, koma sinkatha kusamutsa zinthu zitatuzo kwa munthu wina n'kusunga mbiri ya womwalirayo. Popeza sizinali m'kalata, sizinalinso m'kontirakiti. Kampani inawerengera masiku asanu ndi atatu a ntchito, tinalipira padera, ndipo mayiwo anadikira masabata asanu kuti dzina lawo lilowe m'kaundula.